Mtengo ukangogunda sitopu yanga umabwerera: kodi buloka akundisaka?

"Achimwene, ndimakhala ku Chinamwali kuno ku Zomba, ndipo ndatha miyezi 8 ndikuchita malonda a foreksi pa foni, pa MT5. Lachiwiri EURUSD inafika 1.0849, kenako 1.0850, n'kubwerera kawiri konse. Ndinagulitsa pa 1.0845 ndi loti 0.05, sitopu losi pa 1.0853. Cha m'ma 9 koloko m'mawa mtengo unalumpha mpaka 1.0861, kunditulutsa, kenako n'kugwa mpaka 1.0800. Aka n'kachitatu. Anzanga akuti buloka amaiona sitopu yanga n'kumaisaka. Zoona? Ndingosiya kuika sitopu? Mu akaunti muli madola 200."

Sitopu musaisiye, achimwene. Ndiyambire pamenepo chifukwa ndi pokhapo pangakugwetsereni akaunti yonse tsiku limodzi. Mukudziwa momwe netiweki imachitira kuno mvula ikatsika m'phiri, kapena magetsi akazima foni ili pa 6 peresenti. Sitopu, lamulo lotseka malonda mtengo ukafika pomwe mwasankha kuti musaluze zambiri, mukaiika pa oda imakhala pa seva ya buloka, imagwira ntchito ngakhale foni yanu itazima. Yosunga m'mutu ija imazima limodzi ndi foniyo.

Tsopano za kusakidwazo. Pa loti 0.05, komwe ndi kukula kwa oda yanu, pipi iliyonse ya EURUSD, kusuntha kwa 0.0001 pa mtengo, ndi masenti 50 a dola. Sitopu yanu inali mapipi 8, ndiye kuti munaluza madola 4. Msika wa ndalama zakunja, malinga ndi kafukufuku wa Bank for International Settlements wa mu Epulo 2022, unkasinthanitsa madola 7.5 thiriliyoni pa tsiku, ndipo EURUSD ndiyo imagulitsidwa kwambiri kuposa zonse. Palibe amene angakankhe mtengo wa yuro mapipi 11 kuti atole madola 4 a munthu wa ku Chinamwali. Koma anzanu aja sanama kotheratu. Kusakidwako kulipo, kungoti wosakidwayo si inu panokha. Ndi malo amene munaimapo.

Taganizani amene ankayang'ana tchati chomwecho m'mawa umenewo. Nsonga ziwiri zofanana pa 1.0850 zimaoneka kwa aliyense, wa ku Matawale, wa ku Lagos, wa ku Jakarta. Onse anaphunzitsidwa chimodzimodzi: pamene mtengo wakanika kawiri pali denga, gulitsa pansi pake, sitopu ika pamwamba pang'ono. Pang'ono pakepo pamakhala mapipi 3, 5 kapena 10. Choncho pakati pa 1.0852 ndi 1.0860 pamaunjikana masitopu a anthu amene sanakumanepo koma aganiza zofanana.

Chimene ambiri sachilingalira n'chakuti sitopu ya munthu wogulitsa ndi oda yogula. Mtengo ukaigunda, buloka amakugulirani pa mtengo umene ulipo kuti atseke malonda anu, mufune musafune. Pamalo omwewo palinso gulu lina, la anthu odikira kuti denga libooke, amene aika `Buy Stop` pamwamba pa nsongazo. Magulu awiriwa amaganiza zosiyana, koma mtengo ukafika pamenepo onse amachita chinthu chimodzi: kugula. Mulu wa maoda ogula umenewu ndi umene ochita malonda oyang'ana kayendedwe ka mtengo amautcha likwiditi. Pansi pa zigwa ziwiri zofanana nkhani ndi yomweyo motembenuza: pali masitopu a ogula, omwe ndi maoda ogulitsa, pamodzi ndi ma `Sell Stop`.

Nanga mulu umenewu ukufunidwa ndi ndani? Munthu wobwera ndi lichero limodzi la tomato amagulitsa paliponse, ngakhale pakhomo. Wobwera ndi lole yodzadza sangaime m'mbali mwa msewu wopanda anthu. Akatero adzatsitsa mtengo mpaka kulira tomato asanathe. Amapita ku Songani kapena ku Thondwe tsiku la msika, kumene ogula asonkhana kale. Banki kapena kampani yofuna kugulitsa mayuro mamiliyoni ambiri ili ndi vuto la lole lomweli. Ikagulitsa pa 1.0845 pomwe ogula ndi ochepa, imadzigwetsera yokha mtengo. Pamwamba pa 1.0850 ndi pamene pali ogula ambiri nthawi imodzi, enanso ogula mokakamizidwa. Mtengo umakwera, masitopu amaphulika motsatizana, wogulitsa wamkulu amatsitsa katundu wake pamenepo, ogula amatha, ndipo mtengo umagwa chifukwa palibenso woukweza. Pa tchati pamatsala mchira wautali pamwamba pa nsonga zija. Chimenecho ndicho amachitcha swipu, kusesa. Si chatsopano ayi: otsatira njira za Richard Wyckoff, yemwe anamwalira mu 1934, akhala akufotokoza kubooka konyenga kotereku kwa zaka zambiri, ndi mayina awoawo.

Pankhaniyi pali zomwe zinatsimikizika ndi zomwe zimangokambidwa, ndipo ndibwino muzisiyanitse. Zoti masitopu amaunjikana zinatsimikizika. Carol Osler, katswiri wa zachuma yemwe anagwirapo ntchito ku Federal Reserve Bank of New York, anapenda maoda enieni a makasitomala a banki ina yaikulu a mu 1999 ndi 2000. Anapeza kuti maoda otolera phindu amakonda kukhala pa manambala athunthu enieniwo, monga othera 00 ndi 50, pamene masitopu amaunjikana kuseri kwake pang'ono: maoda ogula pamwamba, maoda ogulitsa pansi. Taonani nambala yanu. Nsonga zinali pa 1.0850, yothera 50, inu n'kuika pa 53. Munakhala pakati penipeni pa chigulu, pa zifukwa ziwiri nthawi imodzi.

Zoti akuluakulu ena anasakapo masitopu dala zinatsimikizikanso. Mu Novembala 2014 bungwe loyang'anira zachuma ku Britain la FCA linalipiritsa mabanki asanu, Citibank, HSBC, JPMorgan Chase, RBS ndi UBS, mapaundi 1.1 biliyoni onse pamodzi, ndipo zina mwa zolakwazo zinali zoti ogwira ntchito awo ankauzana zinsinsi za makasitomala n'kumayesa kugunditsa masitopu awo. Koma makasitomalawo anali a maoda akuluakulu oikidwa ku mabanki omwewo, osati a loti 0.05.

Chomwe chimangokambidwa ndi ichi chakuti mchira uliwonse ndi chiwembu cha mabanki. Foreksi ilibe msika umodzi womwe maoda onse amalembedwa. Inu simuona mulu wa masitopuwo, ine sindiuona, ngakhale mnyamata wogulitsa maphunziro pa WhatsApp uja sauona. Timangoganizira kuti ulipo chifukwa tikudziwa khalidwe la anthu. Ndiponso mchira utha kubwera popanda wokonza chiwembu: mtengo ukakhudza masitopu oyamba, kugula kwawo kumaukankhira ku achiwiri, achiwiri ku achitatu, mpaka atha, basi n'kubwerera. Kwa ine zilibe kanthu kuti anachita dala kapena ayi. Chimene ndimagwiritsa ntchito n'chakuti kuseri kwa nsonga zofanana mtengo umakonda kuthamanga, ndipo sitopu yanga isapezeke mapipi atatu kuchokera pamenepo.

Musanamutsuke buloka kapena kumuweruza, pali zinthu ziwiri zoti muyang'ane, ndipo sizitenga mphindi khumi. Choyamba ndi sipuledi, kusiyana kwa mtengo wogulira ndi wogulitsira. Makandulo a foreksi pa MT5 amajambulidwa ndi mtengo wa `Bid`, koma malonda ogulitsa amatsekedwa ndi mtengo wa `Ask`, womwe uli pamwamba. Tiyerekeze sitopu ili pa 1.0853, tchati chafika 1.0851 chokha, sipuledi ndi mapipi awiri. `Ask` wafika 1.0853, mwatuluka, ngakhale kandulo sinakhudze mzere wanu. Anthu ambiri amene amabwera kwa ine akulumbira kuti aberedwa, nkhani yake imakhala imeneyi. Yatsani mzere wa `Ask` m'makonzedwe a tchati; pa kompyuta dinani F8 n'kusankha `Show ask price line`. Sipuledi imatambasuka kwambiri pa nthawi yosintha tsiku, 5 koloko madzulo ku New York, yomwe kuno ndi 11 koloko usiku kuyambira Malichi mpaka kumayambiriro kwa Novembala, ndi 12 koloko usiku miyezi inayo. Sitopu yothina yosiyidwa usiku itha kudyedwa ndi sipuledi yokha mtengo usanasunthe.

Zanu za Lachiwiri si zimenezo, poti tchati chenichenicho chinafika 1.0861. Ndiye yang'anani chachiwiri: tsegulani EURUSD pa TradingView kapena pa demo ya buloka wina, pitani pa kandulo yomweyo. Mchira ukapezeka konsekonse, kusiyana pipi imodzi kapena ziwiri, ndiye kuti unali msika, buloka alibe mlandu. Ukapezeka kwa buloka wanu yekha, kwina mtengo sunadutse 1.0851, jambulani zithunzi zonse ziwiri, lembani nambala ya oda ndi nthawi yake, mupemphe kuti akufotokozereni. N'zoona kuti buloka amaiona sitopu yanu, ndipo ena mwa iwo satumiza maoda ang'onoang'ono kumsika, amabetcherana nanu okha, kotero mukaluza iwo amapindula. Angathe kusewera ndi mitengo ya pa seva yawo. Mtengo wa dziko lonse sangausunthe. Ndikubetcha kuti mchira wanuwo muupeza paliponse, chifukwa cha ola lomwe mwatchula. Kuyambira kumapeto kwa Malichi mpaka kumapeto kwa Okutobala, 9 koloko yathu ndi 8 koloko ya ku London, pamene msika waukulu kwambiri wa foreksi umatsegula (miyezi inayo ndi 10 koloko). Usiku wonse mtengo umangoyendayenda m'kampata kakang'ono, n'kupanga nsonga ndi zigwa zooneka bwino, ndipo a ku London akalowa, mbali imodzi ya kampatako imakonda kudutsidwa. Inu munagulitsa mphindi zochepa chitseko chisanatseguke, mutaima kumbuyo kwake.

Tiyeni tibwerere pa malonda omwewo tione zomwe mukanachita. Njira zilipo ziwiri, ndipo iliyonse ili ndi mtengo wake.

Yoyamba ndi kulowa pomwe munalowa, pa 1.0845, koma sitopu n'kuiika kutali ndi chigulu, tinene pa 1.0870. Amenewo ndi mapipi 25. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa kachiwiri: amakulitsa sitopu koma loti n'kuisiya yomweyo. Pa 0.05, mapipi 25 ndi madola 12.50, kupitirira 6 peresenti ya akaunti yanu pa malonda amodzi. Loti iyenera kutsika kufika 0.01, pomwe pipi ndi masenti 10, ndipo mukaluza ndi madola 2.50. Ndikudziwa kuti 0.01 imatopetsa. Koma sitopu ya mapipi 8 ija simunaisankhe chifukwa tchati chinatero. Munaisankha kuti loti 0.05 ikwane m'thumba. Muziyamba mwapeza malo a sitopu, loti izibwera pambuyo.

Yachiwiri, yomwe ine ndimaikonda, ndi kusagulitsa konse mpaka kusesako kutachitika. Mumajambula mzere pa 1.0850 n'kukhala pansi. Mtengo wadutsa, wafika 1.0861. Musakhudze kalikonse. Pa nthawi imeneyo palibe munthu padziko amene angakuuzeni ngati uku n'kusesa kapena kubooka kwenikweni, chifukwa zonse ziwiri zimayamba mofanana. Chimasiyanitsa ndi kutseka kwa kandulo. Pa M15, tchati cha makandulo a mphindi 15, ndimafuna kandulo yomwe yadutsa mzereyo, kapena yotsatira yake, itseke pansi pa 1.0850. Tiyerekeze yatseka pa 1.0846, mchira wa mapipi 11 uli pamwamba pa mzere. Tanthauzo lake n'lakuti kugula konse kuja kwamezedwa, ndipo amene anagula pa `Buy Stop` zawo cha pa 1.0855 tsopano ali m'madzi. Masitopu awo ali pansi, ndipo akamatuluka azigulitsa, kukuthandizani inu.

Mukagulitsa pa 1.0844, sitopu ipite pamwamba pa mchira, osati pamwamba pa nsonga zakale: 1.0861, kuwonjezera pipi imodzi ya sipuledi ndi ziwiri zopumira, ndi 1.0864. Mapipi 20, pa loti 0.01 ndi madola 2, peresenti imodzi ndendende ya akaunti yanu. Sitopu imeneyi ili ndi tanthauzo. Mtengo ukakafikanso kumeneko ndiye kuti wogulitsa wamkulu amene mumamuganizira uja kulibe kapena wagonja, ndipo mulibenso chifukwa chokhalira m'malondamo. Potolera phindu muyang'ane mulu wa mbali inayo. Ngati pansi pa kampata ka usiku panali zigwa cha pa 1.0802, ikani `Take Profit` pa 1.0804, zisanafike, pokumbukira kuti nayonso imatsekedwa ndi `Ask`. Ndi mapipi 40, madola 4. Mukuika 2 kuti mupeze 4, ndiye kuti mukapambana kamodzi pa katatu kalikonse mumangobweza zanu, ndipo phindu limayamba mukapitirira pamenepo.

Ena amadikiranso chizindikiro china: kuti mtengo uthyole kachigwa komaliza komwe unanyamukira popita kukasesa, tinene 1.0838, kenako agulitse ukabwerera m'mwamba pang'ono. Zimachepetsa kulowa molakwika, koma masiku ena mtengo subwerera, mumangouperekeza ndi maso. Palinso masiku omwe kusesako sikubwera n'komwe: mtengo umagwa kuchokera pa 1.0848 osakhudza nsonga, ndipo wodikira amatsala chimanjamanja pamene wa njira yoyamba akudya. Umenewo ndiwo mtengo wa kudikira, ndipo palibe njira youzembera.

Tsopano pomwe njirayi imapweteka anthu, ndipo ine inandipwetekapo. Nditangoiphunzira, mchira uliwonse ndinkauona ngati kusesa. Tsiku lina ndinagulitsa katatu m'mawa umodzi. Mtengo unkadutsa nsonga, kubwerera pang'ono, ine n'kugulitsa. Kenako n'kudutsanso mchira womwe ndinabisako sitopu. Nditatsegula H4, tchati cha makandulo a maola 4, madzulo ndinachita manyazi: msika unali ukukwera kwa sabata yathunthu, nsonga iliyonse pamwamba pa inzake. Pa msika wokwera chotero nsonga zofanana sizikhala msampha, ndi popumira chabe. Kusesa koyenera kukudikira pamenepo ndi kwa pansi, kwa zigwa, kuti mugule. Kuyambira pamenepo sinditsegula M15 ndisanaone H4.

Kubooka kwenikweni kuli ndi nkhope yake. Kandulo imatseka pamwamba pa mzere ndi thupi lonse, mchira waung'ono. Yotsatira imatsekanso pamwamba. Mtengo ukatsika kudzakhudza 1.0850 umakanika kulowa pansi, denga lija lasanduka pansi poponda. Mukaona makandulo awiri a M15 atatseka pamwamba, nkhani ya kusesa yatha, musaikakamize. Ndipo pa nthawi ya nkhani zikuluzikulu, monga malipoti a ntchito a ku America omwe kawirikawiri amatuluka Lachisanu loyamba la mwezi, 2:30 masana nthawi yathu kapena 3:30 kukakhala kozizira kwawoko, mtengo utha kusesa pamwamba ndi pansi m'mphindi imodzi, sipuledi itatambasuka, ndipo sitopu itha kutsekedwa patali kuposa pomwe munaiika. Michira ya nthawi imeneyo sindiiwerengera.

Pang'ono za anzanu a ku Chikanda amene amajambula likwiditi pa Volatility 75 ndi Boom ndi Crash. Mitengo ya zimenezo imapangidwa ndi pulogalamu yotulutsa manambala mwachisawawa, ndipo eni ake amanena okha zimenezi poyera. Kulibe banki yogulitsa lole ya mayuro kumeneko, ndipo maoda a anthu sasuntha mtengo. Michira imaoneka, inde, koma chifukwa chonse chomwe ndafotokoza pamwambapa sichigwirako ntchito.

Mwanena kuti aka n'kachitatu. Katatu n'kochepa kwambiri, komanso mtima umasunga masiku omwe mtengo unakutulutsani n'kubwerera, n'kuiwala omwe unakutulutsani n'kupitirira mapipi 60, pamene sitopu yomweyo inakupulumutsani. Zithunzi zomwe zimazungulira m'magulu nazonso ndi zosankhidwa zinthu zitachitika kale. Kusesa kolephera palibe amakujambula. Choncho musanaikenso dola, werengani nokha. Lembani lamulo lanu papepala musanatsegule tchati, kuti maso asakunyengeni. Langa ndi ili: nsonga ziwiri pa M15 zosiyana mapipi osapitirira 3, zotalikirana makandulo osachepera 8, ndipo pakati pake mtengo unatsika mapipi osachepera 15. Manambalawa ndi anga, a EURUSD. Pa golide kapena GBPJPY ayenera kukula chifukwa zimenezo zimayenda kwambiri. Kenako bwererani m'mbuyo pa tchati, muziyenda kandulo imodzi imodzi osasuzumira kutsogolo, mpaka mupeze malo 50 okwana lamulolo. Pa aliwonse lembani zinthu zinayi: ola lake, mapipi omwe mtengo unadutsa nsonga, ngati kandulo inatseka mkati kapena kunja, ndi chomwe chinayamba kugundidwa pakati pa sitopu ya pamwamba pa mchira ndi phindu lowirikiza kawiri.

Pa zinthu zinayizo, chachiwiri ndicho chidzakuuzeni pomwe sitopu ya njira yoyamba iyenera kukhala, m'malo mwa mapipi 25 omwe ndangoyerekeza ine. Chachinayi chidzakuuzeni ngati njira yodikira ikupitirira kamodzi pa katatu kaja. Mwa 50, mukufunika osachepera 17 kuti mungobweza zanu, ndipo poti kulowa kwenikweni sikukhala koyera ngati kwa papepala, ine pansi pa 20 sindingaikepo ndalama. Ndi ntchito ya madzulo atatu kapena anayi, ndipo imayenda bwino pa kompyuta kuposa pa foni. Mukamaliza munditumizire pepalalo, tidzaone limodzi kuti mwa 50 amenewo ndi angati anachitika pakati pa 9 ndi 11 koloko m'mawa.